Momwe mungakonzere nambala ya puloti ndi zikwangwani zosokonekera pa zithunzi za nyumba zopangidwa ndi AI

Mwapempha chithunzi cha nyumba ngati za ku Chilenje, ya mpanda wa mabuloko ndi geti yachitsulo, ndipo chatuluka bwino. Koma pa mpanda, pomwe mumafuna `PLOT 214`, palembedwa `PL0TT 2I4`, folo wake atayang'ana kumbuyo. Vutoli limabwera chifukwa mapulogalamu a AI amajambula chilembo monga momwe amajambulira zenera kapena tsamba, potsata maonekedwe ake basi. Zilembo zikachepa, kapena khoma likakhala chammbali, zimasokonekera kwambiri. Musataye mabando anu kupempha chithunzicho mobwerezabwereza. Fufutani zolembazo, mulembe nokha.

Yambani ndi kufufuta. Tsegulani chithunzi mu GIMP, pulogalamu yaulere yokonzera zithunzi, mutenge chida cha `Clone`, chomwe chimakopera malo ena a chithunzi n'kuwapaka pena. Gwirani `Ctrl` n'kudina pa khoma loyera pafupi ndi nambalayo, kenako pakani pamwamba pa zilembo zoipazo. Tengani khoma la pafupi kwenikweni, chifukwa la patali kuwala kwake n'kosiyana ndipo limasiya chigamba. Samalaninso kuti mizere ya simenti pakati pa mabuloko ikumane bwino.

Kenako lembani `PLOT 214` ndi chida cha `Text`. Sankhani zilembo zonenepa, zosakongoletsa, zofanana ndi zomwe olemba zikwangwani amapenta pa mipanda ya mu Lusaka. Mtundu usakhale wakuda bii. Wakuda wotuwirako ndiwo umaoneka ngati penti yeniyeni.

Pofunika mtima kwambiri ndi pa kupendeketsa. Dinani `Shift+P` kuti mutsegule `Perspective`, ndipo kokani ngodya zinayi za zolembazo mpaka m'munsi mwa zilembo mutsate mzere wa mabuloko. Mbali ya mpanda yomwe ili patali, zilembo zake zichepereko pang'ono. Mukadumpha apa, ngakhale mwana aona kuti nambalayo ikuyandama patsogolo pa khoma.

Tsopano zilembo zilowe m'khoma. Sinthani `Mode` ya leyala ya zolembazo ikhale `Multiply`, kuti kukhakhala kwa pulasitala ndi mthunzi wa mtengo zionekere mkati mwa penti. Izi zimagwira pa zilembo zakuda pa khoma lowala. Ngati mukulemba zoyera pa geti yakuda, `Multiply` izizimitsa, yesani `Screen`. Tsitsani `Opacity` kufika cha pa 85, kenako pitani ku `Filters > Blur > Gaussian Blur` muike 1 kapena kuchepera apo. Kulitsani chithunzi muyerekeze m'mphepete mwa zilembo ndi m'mphepete mwa geti: kuthwa kwake kufanane.

Ena amabwezera chithunzicho mu Stable Diffusion, pulogalamu ya AI yopanga zithunzi, kuti asalaze malowo ndi `inpaint`, yomwe imajambulanso malo okhawo amene mwasankha. Mukatero, `Denoising strength`, muyeso wa momwe AI isinthire malowo, ikhale yotsika, cha pa 0.2, chifukwa mukaikweza kufika pa 0.5 zilembo zanu ziyambanso kupindika.

Ngati chithunzicho n'chotsatsira malonda, onaninso zikwangwani za mashopu akumbuyo ndi manambala a galimoto. Zimenezo ingofufutani, osalembapo kanthu, ndipo pa mpanda musaike nambala ya puloti ya munthu wina.