Kupeza kukula kwa malo a ngodya zitatu poyeza mbali zake zokha

Malo a ngodya zitatu, omwe pa masamu timati thirayango, amasokoneza anthu ambiri powayeza. Kusukulu tinaphunzira kuti tichulukitse kutalika kwa tsinde ndi msinkhu, kenako tigawe pawiri. Papepala nzophweka. Koma mukaima m'munda, msinkhuwo simuuona. Ndi mzere wochoka pa ngodya imodzi n'kukagwera chilili pa mbali yoyang'anana nayo, ndipo pansi palibe chizindikiro chokuuzani pamene wagwera. Apa ambiri amangotola mbali ziwiri zilizonse, kuchulukitsa, kugawa pawiri, basi. Kuteroko kumayenda pokhapokha ngati mbali ziwirizo zakumana pa ngodya yowongoka ya madigiri 90, ngati ya pakona pa nyumba. Ngodya ikakhala yopendekera, yankho limakula kuposa malo enieni nthawi zonse.

Njira imene ndikukulangizani sifuna msinkhu kapena chida choyezera ngodya. Imadziwika ndi dzina la Heron, katswiri wa masamu wa mumzinda wa Alexandria ku Egypt, amene anailemba zaka pafupifupi 2,000 zapitazo. Chofunika ndi tepi yoyezera, zikhomo zitatu ndi kakyuleta yokhala ndi chizindikiro cha √, ngakhale ya pafoni.

Khomani chikhomo pa ngodya iliyonse, muyeze kuchoka pa chikhomo kufika pa chinzake, tepi ili yokoka bwino. Mbali zitatuzo tizitche a, b ndi c. Ziphatikizeni zonse kuti mupeze mtunda wozungulira malowo, ndipo muugawe pawiri. Theka limeneli ndiye s, ndipo ntchito yonse yagona pa ilo. A ndiye kukula kwa malowo.

```
s = (a + b + c) / 2
A = √(s × (s − a) × (s − b) × (s − c))
```

Tiyeni tiyeze munda umodzi limodzi. Mbali zake ndi mamita 65, mamita 100 ndi mamita 105. Zonse pamodzi ndi 270, theka lake ndi 135. Tsopano pa 135 tichotsepo mbali iliyonse payokhapayokha. Tikachotsa 65 patsala 70, tikachotsa 100 patsala 35, tikachotsa 105 patsala 30.

Musathamangire kuchulukitsa. Yambani mwaphatikiza zotsala zitatuzo: 70, 35 ndi 30 zikupanga 135, yemwe ndi s uja. Izi sizinangochitika mwamwayi, zimayenera kutero pa thirayango iliyonse. Ndimaikonda kwambiri sitepe imeneyi chifukwa imagwira cholakwa chimene chimachitika kawirikawiri, choiwala kugawa pawiri. Munthu akagwiritsa ntchito 270 m'malo mwa 135, zotsala zake zikhala 205, 170 ndi 165, zomwe pamodzi ndi 540. Zikasiyana chonchi ndi nambala imene mwayambira, bwererani m'mbuyo musanapitirire.

Zikagwirizana, chulukitsani manambala anayiwo motsatizana. 135 kuchulukitsa ndi 70 ndi 9,450. Imeneyi kuchulukitsa ndi 35 ndi 330,750, ndipo kuchulukitsanso ndi 30 ndi 9,922,500. Nambala yaikuluyi isakuopseni, ndiponso musailembe ngati yankho. Chatsala ndi kupeza sikweya ruti yake, kutanthauza nambala imene mukaichulukitsa ndi iyo yomwe ikupatsani 9,922,500. Kakyuleta ionetsa 3,150. Mundawu ndi masikweya mita 3,150. Popeza hekitala imodzi ndi masikweya mita 10,000, apa pali mahekitala 0.315. Amene anazolowera maekala agawe ndi 4,047, apeza kuti ndi kungopitirira pang'ono magawo atatu mwa anayi a ekala.

Nanga uja wongotola mbali ziwiri akanapeza chiyani? Akanatenga 100 ndi 105, yankho lake likanakhala 5,250. Ameneyu wawonjezera masikweya mita 2,100 omwe kulibe, ndipo mbewu ndi feteleza aziwerengera pa malo a m'malere. Msinkhu weniweni wogwera pa mbali ya mamita 105 ndi mamita 60, osati 100. Mukhoza kuupeza tsopano popanda kuuyeza: chulukitsani 3,150 kawiri, mugawe ndi 105.

Nthawi zina chotsala chimodzi chimatuluka ziro kapena mainasi, kakyuleta n'kuonetsa ziro kapena kukana kupereka sikweya ruti. Vuto si kakyuleta. Pa thirayango yeniyeni, mbali ziwiri zazifupi zikaphatikizidwa zimayenera kuposa mbali yaitali. Ngati mwalemba 30, 40 ndi 80, zikhomo zitatu zotalikirana motero sizingakhalepo, chifukwa 30 ndi 40 sizikufika n'komwe pa 80. Penapake mwaiwala kuwerenga tepi imodzi, kapena mbali ina mwayeza m'mamita ina m'mafiti. Kayezeninso.

Pali mtundu umodzi wa malo umene ndikufuna muusamalire kwambiri, chifukwa masamu onse akhoza kukhala olondola koma yankho n'kukhala losadalirika. Ndi thirayango yopyapyala, yaitali ngati mpeni, imene mbali zake ziwiri zatsala pang'ono kugona pa mbali yachitatu. Titenge ya mamita 50, 51 ndi 100. Apa s ndi 100.5, zotsala ndi 50.5, 49.5 ndi 0.5, ndipo kukula kwake ndi masikweya mita pafupifupi 354. Tsopano tinene kuti tepi inalendewera, mbali yaitaliyo kwenikweni ndi 99.5. Chotsala chaching'ono chija chikwera kuchoka pa 0.5 kufika pa 0.75, ndipo yankho lidumpha kufika pa 431. Theka la mita lokha lasintha malo ndi masikweya mita 77, kuposa gawo limodzi mwa magawo asanu. Kulakwitsa komweko pa munda woyamba uja, kulemba 104.5 m'malo mwa 105, kukanangosintha yankho ndi masikweya mita 7 pa 3,150.

Chizindikiro chake n'chosavuta kuona: chotsala chimodzi chimakhala chaching'ono kwambiri poyerekeza ndi zinzake. Mukaona choncho, yezani mbali iliyonse kawiri mpaka pa masentimita, ndipo musafupikitse s. Ikatuluka 100.5 isiyeni momwemo. Mukaikweza kukhala 101, chotsala chija chikhala 1 m'malo mwa 0.5, yankho n'kuchoka kutali. Kunena zoona, pa malo opyapyala chonchi ine ndimaona kuti ndi bwino kungoyeza msinkhu, chifukwa ndi waufupi. Pa chitsanzochi ndi mamita 7 okha kapena kupitirira pang'ono.

Minda yambiri ili ndi mbali zinayi zosafanana, ndipo njirayi imagwirabe ntchito mukaudula mundawo pawiri. Kuyeza mbali zinayi zokha sikokwanira, pakuti malo a mbali zinayi zomwezo akhoza kukhala otambasuka kapena ofinyika, ngati chimango cha chitseko chopanda mtanda. Kokani tepi kuchoka pa ngodya imodzi kudutsa pakati kufika pa ngodya yoyang'anana nayo. Mzere umenewu ukhala mbali yachitatu ya mathirayango onse awiri. Werengerani iliyonse payokha, ndi s yakeyake, kenako muphatikize mayankho. Mizere yodutsa pakati ilipo iwiri, ndiye sankhani umene sukusiyirani thirayango yopyapyala. Ngati mundawo ndi wotsetsereka ndipo mukufuna kukula kofanana ndi kwa pamapu, musagoneke tepi motsata nthaka. Igwireni mopingasa bwino, muziyeza pang'onopang'ono ngati masitepe, chifukwa tepi yotsata chitunda imatalikitsa mbaliyo.