Voliyumu ya mahedifoni: khutu limawerenga mphamvu ndi maola omwe

Achinyamata ambiri akandifunsa za mahedifoni, funso lawo limakhala limodzi: kodi voliyumu ndiikweze mpaka pati? Funsoli ndi labwino, koma ndi theka chabe. Khutu limawonongeka ndi zinthu ziwiri zophatikizana, mphamvu ya mawu ndi kutalika kwa nthawi yomwe mawuwo akulira m'khutumo. Nyimbo yotsika mutha kuimvera tsiku lonse osavulala, pomwe yokwera kwambiri imamaliza gawo la phokoso lomwe khutu lanu lingapirire pa sabata yonse m'mphindi zochepa.

Mphamvu ya mawu imayezedwa m'madesibelo. Muyezo womwe bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza ndi uwu: munthu wamkulu asapyole madesibelo 80 kwa maola 40 pa sabata, ndipo kwa ana ndi ena a makutu osachedwa kuvulala muyezo ndi madesibelo 75 kwa maola omwewo. Madesibelo 80 ali ngati phokoso la msewu wodutsa magalimoto ambiri mutaima m'mbali mwake. Pomwe anthu amapusitsika ndi apa: mukawonjezera madesibelo atatu okha, mphamvu yofika m'khutu imawirikiza kawiri, ndiye nthawi yololedwa imadulidwa pakati. Pa 83 mwatsala ndi maola 20, pa 86 maola 10, pa 92 maola awiri ndi theka, ndipo pofika 100 ndi mphindi pafupifupi 20 zokha pa sabata yathunthu. Mafoni ambiri akakwezedwa mpaka kumapeto amafika pa 100, ena kupyola. Vuto lake, kusiyana kwa madesibelo atatu khutu silikumva ngati kanthu. Mumangodina kabatani kamodzi kapena kawiri, nyimbo n'kukoma pang'ono, osadziwa kuti mwadula maola anu ndi theka.

Titenge chitsanzo cha wophunzira wa zaka 19. Madzulo aliwonse amawerenga kwa maola atatu m'chipinda mwa zii, nyimbo ikulira chapansipansi pa madesibelo 74. Pa sabata ndi maola 21, ndipo makolo ake ndi pomwe amadandaula, poti amamuona atatseka makutu usiku wonse. Koma pa 74 nthawi yololedwa ndi maola 160, choncho kuwerengako kwadya magawo 13 okha pa 100 a gawo lake la sabata. Ndiye pali ulendo wa pa basi, theka la ola popita ndi theka pobwera, masiku asanu. Injini ikulira, anthu akuyankhula, iye amakweza kuti nyimbo igonjetse phokosolo, mpaka kufika pa 92. Maola asanu amenewo ndi kuwirikiza kawiri maola awiri ndi theka omwe amaloledwa. Ulendo wa ola limodzi patsiku, womwe palibe amaukayikira, ndi womwe ukumudya makutu. Atangotsitsa kufika pa 83 m'basimo, maola asanu aja angadye magawo 25 okha, ndipo sabata yake yonse ingathere pansi pa theka la muyezo popanda kuchotsa ngakhale nyimbo imodzi.

N'chifukwa chake ine ndimati mdani wamkulu ndi phokoso la pamalo pomwe muli. Timahedifoni tolimba tomwe timangokhala pakamwa pa khutu timalowetsa phokoso lonse la kunja, ndipo dzanja limapita lokha pa voliyumu. Tomwe tili ndi kalabala kotseka bwino ngalande ya khutu, kapena mahedifoni ophimba khutu lonse, kapenanso aja ozimitsa phokoso la kunja, amakulolani kumva bwino pa voliyumu yotsika. Ngati kalabalako n'kakang'ono moti kamagwederagwedera, sinthani muike kokukwanani. Kuvala kumodzi kokha nakonso kumanyenga: khutu linalo likumva phokoso, ndiye mumakweza kwambiri mbali yomwe mwavalayo. Chenjezo lokha n'lakuti poyenda pamsewu kapena popalasa njinga musatseke makutu onse, pamenepo bola kungovula.

Mwina munamvapo za lamulo la 60 ndi 60, loti voliyumu isapyole magawo 60 pa 100 ndipo pakatha mphindi 60 mupume. Ndi poyambira pabwino, ndipo ndimalimbikitsa, makamaka kwa amene foni yake siyeza madesibelo. Dziwani kokha kuti 60 wa pa foni si madesibelo. Mahedifoni awiri osiyana pa foni yomweyo, pa mlingo womwewo, amalira mosiyana, ndipo nyimbo zina zinajambulidwa mokweza kuposa zinzake. Kupuma kumathandiza khutu kutsitsimuka, koma sikufufuta maola omwe mwamvera kale. Ndipo ngati mumagona mahedifoni ali m'khutu, maola ausikuwo nawo amawerengedwa.

Ngati foni yanu ili ndi malire a voliyumu, ikani lero, muli pamalo a zii. Pa iPhone pitani ku Settings, kenako Sounds & Haptics, kenako Headphone Safety, mutsegule malire ndi kuwaika pa 80, kapena 75 ngati foniyo ndi ya mwana. Pa mafoni a Samsung fufuzani Media volume limit mu Settings. Mafoni ambiri amatulutsanso chenjezo mukapyola mlingo winawake. Ambirife timangodina kuti lichoke, koma pamenepo ndi pomwe muyenera kubwerera m'mbuyo. Popanda zonsezi, yesani chonchi: mnzanu aime pomwe mkono wanu ukufika, ayankhule mwachizolowezi. Ngati simukumumva mpaka atakuwa, tsitsani. Yesaninso kusiya voliyumu pomwe inali mukutsika basi, n'kudzavala m'mawa m'chipinda. Ikakudzidzimutsani, dziwani kuti ndi momwe imalirira m'khutu mwanu dzulo m'basimo, phokoso linangoibisa.

Chomwe chimawonongeka chili m'kati mwenimweni mwa khutu, m'kachiwalo kopindika ngati chigoba cha nkhono. Mmenemo muli timaselo ta tsitsi tosalimba tomwe timasandutsa kunjenjemera kwa mawu kukhala uthenga wopita ku ubongo. Phokoso likachuluka timatopa, ndipo mukavula mahedifoni mumamva ngati m'makutu mwalowa thonje, kapena kulira kwa ziii kosachokera kunja. Nthawi zambiri zimenezi zimatha pakapita maola angapo kapena tsiku, ndiye munthu amaganiza kuti palibe chalakwika. Koma kubwereza kotereku kumapha timaseloto pang'onopang'ono, ndipo takufa sitimeranso. Palibe ululu, palibe magazi. Oyamba kusowa ndi mawu ang'onoang'ono, monga s ndi f, ndiye munthu amamva kuti anzake akuyankhula koma pagulu sagwira bwino zomwe akunena, n'kumangoti "mwati chiyani?"

Makutu akalira kapena kutsekeka mutamvera nyimbo, apumitseni tsiku lathunthu kutali ndi phokoso, ndipo pobwerera yambirani pansi. Werengeraninso phokoso lina la sabatayo: ngati munali ku dansi kapena mumagwira ntchito pafupi ndi makina, gawo lanu ladyeka kale, chifukwa khutu ndi lomwelo. Kulirako kukapitirira masiku angapo, pitani kuchipatala akakuyezeni makutu. Koma ngati khutu limodzi lasiya kumva mwadzidzidzi, pitani tsiku lomwelo, chifukwa vuto limenelo mankhwala ake amagwira bwino akayambidwa msanga.