Nambala yobwera pa meseji si loko wodalirika

Alimi anzanga, amalonda ndi nonse osunga ndalama pafoni, ambiri mwazolowera kuti mukalemba pasiwedi pa imelo kapena pa akaunti ya kubanki, pamabwera meseji ya manambala asanu ndi limodzi. Mtima umakhala pansi poganiza kuti foni ili m'thumba mwanu. Koma mesejiyo imatsatira nambala yanu, ndipo nambala ikhoza kusamutsidwa foni ili chikhalire m'thumbamo.

Tiyerekeze mayi wogulitsa soya. Wina akuwaimbira ngati wogwira ntchito kukampani ya mafoni, akuti akukonza kalembera, ndipo akufunsa dzina lonse, tsiku lobadwa ndi nambala ya chiphaso cha unzika. Mayiwo akuyankha mwaulemu. Mawa lake mbava ija ikupita kwa wothandiza makasitomala, ikunena kuti foni yatayika, ikupereka zonse zija, mwina ndi kachiphuphu pamwamba, n'kupatsidwa simu khadi yatsopano ya nambala yomweyo. Pomwepo khadi ya mayi aja yafa. Mbavayo ikudina `Forgot password` pa imelo yawo, meseji yotsimikizira ikubwera m'manja mwake, ndipo ikatsegula imelo, zitseko zina zonse zimatsegukira pomwepo. Izi sizisankha munthu. Mu Ogasiti 2019 akaunti ya Twitter ya Jack Dorsey, amene anali mkulu wa kampaniyo, inalandidwa m'njira imeneyi.

Chizindikiro chake n'chosavuta, koma ambiri timachinyozera chifukwa tinazolowera kuvuta kwa netiweki. Foni yanu ikalemba `No service` kapena `Emergency calls only` pamene mnansi wanu wa kampani yomweyo akuimba bwinobwino, zimitsani n'kuyatsanso kamodzi. Zikapanda kusintha, musadikire mawa. Bwerekani foni, imbirani kampani yanu kuti atseke nambalayo, imbiraninso banki, kenako pitani ku ofesi yawo ndi chiphaso. Dziwaninso kuti pini ya pa simu khadi imathandiza pamene khadi yabedwa, koma siiletsa wina kutulutsa khadi yatsopano.

Akaunti zina, makamaka za kuntchito, sizitumiza manambala. Zimangofunsa pafoni kuti mudine `Approve`. Apa mbava yomwe ili kale ndi pasiwedi yanu imayesa kulowa mobwerezabwereza, foni n'kumangolira mpaka usiku, kuti mutope mudine. Ndi momwe kampani ya Uber inathyoledwera mu Seputembala 2022: wogwira ntchito wina analandira mapempho ambirimbiri, pomaliza anavomereza limodzi. Pempho limene simunaliyambitse ndinu likutanthauza kuti pasiwedi yanu yatuluka kale. Kanani, sinthani pasiwediyo tsiku lomwelo, ndipo uzani oyang'anira makompyuta. Pulogalamu ya pafoni yotsimikizira kulowa ya Microsoft Authenticator tsopano imafuna kuti mulembe pafoni nambala imene ikuoneka pamene mukulowerapo, motero chala chotopa sichingatsegule chitseko mwangozi.

Tsono mugwiritse chiyani? Yambani ndi imelo, pakuti ndiyo imasunga makiyi a zina zonse. Ikani Google Authenticator kapena Microsoft Authenticator, lowani m'gawo la chitetezo la akauntiyo, ndipo jambulani ndi pulogalamuyo kachizindikiro ka timabokosi ka QR kamene akuonetseni. Pulogalamuyi imapanga manambala asanu ndi limodzi atsopano masekondi 30 aliwonse m'foni momwemo. Siidalira simu khadi, ndipo imagwira ngakhale kumudzi kopanda netiweki, bola nthawi ya pafoni ikhale yolondola. Ku akauntiko akupatsaninso manambala osungira: alembeni papepala, asungeni pamodzi ndi zikalata za munda, chifukwa foni ikagwera m'madzi ndi omwe adzakupulumutseni. Mukatero, chotsani meseji ngati njira yobwezeretsera akaunti pamene akukulolani. Ambiri amaiwala zimenezi, n'kukhala ngati munthu wokhoma khomo lakutsogolo atasiya lakuseri pululu.

Pulogalamuyi nayonso ili ndi malire. Mukalemba manambalawo patsamba labodza, kapena kumuwerengera munthu pafoni, iye amawagwiritsa ntchito masekondi aja asanathe. Chimene chimatseka mpata umenewu ndi `passkey`, kiyi wachinsinsi wosungidwa m'foni m'malo mwa pasiwedi, kapena kakiyi kolowetsa pakompyuta monga YubiKey. Izi zimamangiriridwa ku adiresi yeniyeni ya tsambalo, ndiye tsamba lonamizira silipeza kanthu, ndipo palibe nambala yoti mungaulule. `Passkey` ndi yaulere pa akaunti ya Google, mumaitsegula ndi chala kapena loko wa foni yanu. Kwa msungichuma wa kopaletivi ndingalangize kugula timakiyi tiwiri, kena n'kukasunga muofesi.

Kumene meseji ndi njira yokhayo, monga kumabanki ena, isiyeni ikhalepo, pakuti iposa pasiwedi yokha. Pa WhatsApp tsegulani `Two-step verification` m'gawo la `Account`, kuti wolanda nambala yanu afunsidwe pini imene saidziwa asanayambe kupempha ndalama kwa abale anu m'dzina lanu.