Moni wa pafoni umafuna mpata woyankhira

Ku ofesi zolandira mafoni a makasitomala kuno ku Chipata, wantchito watsopano amapatsidwa pepala la mawu oyambira, n'kuuzidwa kuti asaphonye ngakhale liwu limodzi. Mawuwo nthawi zambiri amakhala ngati awa: "Zikomo chifukwa choimba foni ku kampani yathu, kumene makasitomala ndi ofunika kwambiri. Dzina langa ndine uje. Muli bwanji lero, ndipo ndingakuthandizeni bwanji?" Awa ndi mawu 22, ndipo wantchito amawanena ndi mpweya umodzi. Mulibe chipongwe ayi, koma woimba akangowamva amadziwa kuti akuwerengeredwa pepala, ndipo ena amangoti "Halo? Halo?" poganiza kuti ayankhidwa ndi makina.

Ambiri amati vuto ndi kamvekedwe ka mawu a wantchito, n'kumuuza kuti azimwetulira polankhula. Vuto lenileni lili pa funso lakuti "muli bwanji". Kwathu kuno moni ndi wa anthu awiri. Wina afunsa, mnzake ayankha n'kubweza kuti "kaya inu", woyamba uja ayankhenso, kenako onse anene zikomo. Pepala lija lafunsa "muli bwanji" n'kuthamangira funso lina osadikira yankho. Woimba amasowa choti ayankhe, moni kapena vuto lake. Munthu wofunsa za moyo wa mnzake koma osaima kuti amve yankho amaoneka wabodza, ngakhale mawu ake atakoma chotani. Choncho chofunika kukonza choyamba ndi mpata woyankhira.

Inu amene mumalembera antchito pepalalo, ligaweni pawiri. Mbali yosasintha ikhale ndi zinthu zitatu zokha: dzina la kampani kuti woimba adziwe kuti sanalakwitse nambala, dzina limodzi la wantchito, ndi moni wogwirizana ndi nthawi. Mwachitsanzo: "Kuno ndi ku kampani yakuti, ndine uje. Mwauka bwanji?" Mawu asapitirire 10, ndipo moni ubwere pomalizira kuti funso likhale lomaliza kumveka. Akatero wantchito akhale chete. Pamzere umenewo lembani mawu akuluakulu oti DIKIRANI, chifukwa kukhala chete ndi kumene kumawavuta atsopano. Awerenge chamumtima mpaka pa 3 asanalankhulenso. Mafoni ochokera kumidzi ya ku Chadiza, Vubwi kapena kuchigwa cha Mambwe mawu amatha kufika mochedwerapo netiweki ikafooka, ndipo wantchito wopupuluma amalankhula pamwamba pa mawu a woimba. Onse awiri amaima, onse n'kuyambanso nthawi imodzi, masekondi n'kumatha.

Mbali yachiwiri musailembe ngati ziganizo zoloweza. Lembani zimene wantchito ayenera kuchita malinga ndi yankho lomwe wamva. Woimba akati "Tauka bwino, kaya inu?", wantchito ayankhe ndithu kuti "Tauka, zikomo," kenako atsegule nkhani. Apa mupatseni njira zitatu kapena zinayi zoti azisinthasintha: "Fotokozani, ndikumva," "Tikuthandizeni chiyani lero?", "Nanga kwagwanji?", kapena "Nenani, mayi." Lakuti "kwagwanji" ndi lokoma kwa munthu yemwe akumveka womasuka, koma musaligwiritse ntchito kwa wokwiya, chifukwa limamveka ngati mukuchepetsa nkhani yake. Musapitirire njira zinayi. Zikachuluka wantchito amayamba kusakasaka papepala, ndipo kachetechete wa munthu amene akuwerenga amamveka mosiyana ndi wa munthu amene akumvetsera.

Moni wa nthawi ndi umene umaulula msanga wantchito amene watopa. M'mawa ndi "mwauka bwanji" kapena "mwadzuka bwanji", masana ndi madzulo ndi "mwachoma bwanji", ndipo amene amaimba kuchokera cha kumalire a Mwami kapena anakulira ku Malawi amazolowera "mwaswera bwanji". Wantchito amene walandira mafoni 60 kuyambira m'mawa amapezeka akunenabe "mwauka bwanji" dzuwa litapendeka kale. Ikafika 12 koloko woyang'anira asinthe kapepala kapakhoma kapena mzere wa pakompyuta, ndipo wobwera kuchokera kunkhomaliro ayang'ane kaye wotchi asanavale zomvera.

Tiyerekeze ndi kampani yogulitsa nyali za sola pangongole, pamene kasitomala amalipira pafoni n'kulandira nambala yotsegulira nyaliyo. Mayi wina wa ku Katete watumiza K50 dzulo madzulo, nambala sinabwere, ana agona mumdima. Lero wagula tokotaimu ya K5 kuti aimbe, ndipo nambala ya kampaniyo si yaulere. Wantchito wayankha ndi mawu ake 10 aja. Mayiyo sanayankhe moni. Wangoti: "Imwe, K50 yanga ya dzulo munadya, nambala sinabwere. Nyali siyaka, ndipo tokotaimu itha manje manje."

Wantchito womangidwa ndi pepala apa amabwerera ku moni, n'kunena kuti "Zikomo mayi, muli bwanji lero?" chifukwa akuopa kudulidwa mamalikisi amene woyang'anira amapereka akamamvetsera mafoni ake. Kwa mayiyo izi zikutanthauza kuti zonse zimene wanena zapita pachabe, ndipo ndalama yake ikutha pomvetsera ulemu. Woimba akadumpha moni, wantchito audumphenso. Chikondi chimene akanaika m'malonje achiike pobwereza nkhaniyo mwachidule: "Pepani mayi. Mwalipira K50 dzulo, nambala sinafike. Dulani foni, ndikuimbirani pa nambala yomwe ino pasanathe mphindi 5." Mawu amenewa akuonetsa kuti wamva kuchuluka kwa ndalama, tsiku ndi vuto la tokotaimu. "Pepani" anene kamodzi kokha. Akalinena katatu limasanduka phokoso. Lonjezo loimbanso liperekedwe pokhapokha ngati kampani imalola wantchito kuimba kunja, ndipo mphindi zimene watchula zikhale zimene angakwanitsedi. Ngati saloledwa, afunse nthawi yomweyo nambala ya akaunti kapena ya uthenga wa malipiro, osawonjezera china.

Akaimbanso, moni umapeza malo ake, popeza tsopano amene akulipira ndi kampani: "Ndine uje wa ku nyali za sola, tinalankhula posachedwapa. Mwachoma bwanji, mayi?" Nthawi zambiri munthu yemweyo amene anakalipa amayankha moni bwinobwino ulendo wachiwiriwu.

Palinso yankho lina limene mapepala ambiri saliyembekezera. Wantchito afunsa "mwauka bwanji", woimba n'kuti "Tauka pang'ono, kuno kuli maliro, n'chifukwa chake tachedwa kulipira." Wantchito wozolowera kuyankha osamva amati "Chabwino, zikomo kwambiri, nambala ya akaunti?" Liwu lakuti "chabwino" pankhani ya maliro limapweteka, ndipo munthuyo saliiwala. Papepala pakhale mzere wake: yankho likakhala la matenda kapena maliro, nenani "Pepani kwambiri," dikirani pang'ono, tsitsani mawu, kenako pemphani chilolezo kuti "Tingaone nkhani ya akaunti panopa, kapena tikuimbireni tsiku lina?" Wantchito asafunse amene wamwalira kapena chimene wodwala akudwala. Sakudziwana naye, ndipo m'maofesi ambiri mafoni amajambulidwa.

Pa katchulidwe ka munthu pafunika kusamala kwambiri, chifukwa kompyuta imanyenga. Dzina limene latuluka pagalasi ndi la mwini akaunti kapena amene analembetsa simu, koma kumudzi foni imodzi imagwira ntchito pa banja lonse, nthawi zina ndi anansi omwe. Wantchito akawerenga dzina n'kuyamba ndi "Bambo Banda" pamene akulankhula ndi mkazi wawo kapena mdzukulu, walakwitsa kawiri: waonetsa kuti sanamvetsere mawu, ndiponso waulula dzina la mwini akaunti kwa munthu amene sanamutsimikize. Afunse kaye kuti "Kodi ndikulankhula ndi ndani?" Akamva dzina aike "a" patsogolo, kapena "bambo" ndi "mayi" ngati mawu akuonetsa bwino. Akakayika, "inu" yekha ndi ulemu wokwanira. "Iwe" asamveke konse, ngakhale woimba atamveka ngati mwana wa sukulu. "Ambuya" ndi "agogo" asungire munthu amene wadzitchula yekha choncho, chifukwa mawu a pafoni sauza zaka, ndipo mayi wa zaka 40 sakondwa kuitanidwa agogo. Dzina alitchule kawiri kapena katatu pafoni yonse. Ena amaphunzitsidwa kulitchula pa chiganizo chilichonse, zimene zimamveka ngati wogulitsa salaula amene akukukakamiza kugula.

Chigawo cha Kum'mawa chili ndi zilankhulo zingapo, ndipo moni umaonetsa msanga komwe munthu akuchokera. Wa ku Petauke kapena Nyimba angabweze kuti "muli tyani", wa ku Lundazi "muli uli". Ngati wantchito akuchidziwa Chinsenga kapena Chitumbuka, atsatire woimbayo. Ngati amangodziwa moni wokha, asayerekeze, chifukwa woimba adzamasuka n'kufotokoza vuto lonse m'chilankhulo chake, wantchito n'kusowa pogwira. Ndi bwino kuyankha moni m'Chichewa n'kufunsa kuti "Tipitirize m'Chinyanja, kapena ndikupatseni mnzanga wolankhula Chitumbuka?"

Zonsezi sizingagwire ntchito ngati pepala la mamalikisi likufunsabe kuti "Kodi wanena mawu onse monga alembedwera?" Wantchito amatsata chimene chimamupatsa mamalikisi. Sinthani mafunsowo akhale anayi: watchula kampani ndi dzina lake, wapereka moni wa nthawi yoyenera, wadikira yankho, ndipo chiganizo chake chachiwiri chikugwirizana ndi zimene woimba wanena. Funso lachinayili ndi limene liyenera kulemera kuposa enawo.

Poyesa, woyang'anira atenge mafoni 10 ojambulidwa a wantchito mmodzi, asanu a m'mawa ndi asanu a cha m'ma 15 koloko, amvetsere masekondi 20 oyamba okha motsatizana. Ngati onse 10 akukwera ndi kutsika pamalo amodzimodzi ngati ana akuloweza ndakatulo, pepala lamulowa kwambiri. Amvetserenso mbali ya woimba. Akamva "Halo?" moni utangotha, ndiye kuti wantchito anathamanga kapena anameza dzina la kampani. Akamva woimba akubwereza vuto lake kachiwiri, wantchito anali akuyang'ana mzere wotsatira m'malo momvetsera. Pokonza, khazikani antchito awiri moyang'ana kosiyana kuti asaonane nkhope, pepala litembenuzidwe, kwa mphindi 10 ntchito isanayambe. Wina akhale woimba ndipo asinthe yankho ulendo uliwonse: ulendo woyamba abweze moni, wachiwiri akalipe za K50, wachitatu atchule maliro, wachinayi ayankhe m'Chinsenga. Akatha asinthane.