Momwe mungawerengere nambala yomwe chidindo chaphimba pa sitetimenti ya ku banki

Amene amadinda mapepala a zachuma nthawi zambiri sayang'ana pamene chidindo chikugwera. Pepalalo likasikanidwa, mumapeza kuti inki yakhala pamwamba penipeni pa nambala imene mukufuna. Apa chinthu choopsa ndi kungoganizira, chifukwa mzere umodzi wopindika wa chidindo umasandutsa 3 kukhala 8, 1 kukhala 7, kapena 5 kukhala 6. Maso angakupatseni poyambira, koma chotsimikiza ndi masamu a papepala lomwelo.

Choyamba, onani mmene pepalalo analisikanira. Ngati analisikana chakuda ndi choyera chokha, makina anasandutsa inki ya chidindo ndi ya manambala kukhala mtundu umodzi, ndipo palibe pulogalamu imene ingazilekanitsenso bwino. Ngati pepala lenileni lilipo, lisikaneninso ndi mitundu yake yonse, pa 300 dpi kapena 600 dpi, muyezo wa mmene chithunzi chimaonekera bwino. Chithunzi chojambula pa foni n'kutumizidwa kangapo chimakhala chitataya kale timizere tating'ono, choncho pemphani fayilo yoyambirira.

Mukakhala ndi fayilo ya mitundu, pangani kope lina loti mugwirirepo ntchito. Loyambalo musalikhudze, ndi umboni. Tsegulani kopelo mu GIMP, pulogalamu yokonzera zithunzi, musankhe Colors, kenako Components, kenako Decompose, pa RGB. Chithunzicho chigawika patatu: red, green ndi blue. Inki imazilala mu gawo la mtundu wake. Chidindo cha buluu kapena cha pepo chimazilala mu blue, chofiira chimazilala mu red, pamene manambala akuda amakhalabe akuda monsemo. Njirayi siithandiza ngati munthu anasaina pamwamba pa nambalayo ndi cholembera chakuda. Pamenepo tengani pepala lenileni, muliwunike cham'mbali ndi nyali: cholembera chimasiya kangalande papepala, pomwe inki ya makina imangokhala pamwamba.

Kenako lembani zimene mukuona motsimikiza, ndipo pamene mukukayika ikanipo chizindikiro cha funso. Werengani malo a manambala poyerekeza ndi mizere ya pamwamba ndi pansi, popeza manambala amafola kuyambira kumanja. Komanso yerekezani kachidutswa kamene kakuonekako ndi 3 kapena 8 wina wooneka bwino patsamba lomwelo.

Tsopano masamu aja. Tiyerekeze kuti pa sitetimenti mzere wapamwamba ukusonyeza kuti mu akaunti munatsala 482,350.00. Mzere wotsatira ndi ndalama zotuluka, koma chidindo chaphimba malo awiri, ndiye mukungoona 1?7,?00.00. Ndi maso, nambala yotsatira 1 ikuoneka ngati 8. Kumapeto kwa mzere womwewo ndalama zotsala ndi 344,750.00, ndipo zikuwerengeka bwino. Chotsani 344,750.00 pa 482,350.00, mupeza 137,600.00. Ndiye kuti uja ankaoneka ngati 8 ndi 3 amene m'mphepete mwa chidindo mwamutseka kumanzere. Akanakhaladi 8, zotsala zikanakhala 294,750.00.

Musalekere pomwepo. Bwererani pa chithunzi muone ngati yankho lanu likugwirizana ndi manambala onse amene akuoneka: 1 kumayambiriro, 7 pamalo achitatu, ndi maziro kumapeto. Ine ndimaona kuti anthu ambiri amalumpha apa, chonsecho ndi pamene mumagwirira zolakwa zanu. Masamu akakupatsani nambala yosemphana ndi zooneka, mwina mwadumpha mzere waung'ono wa ndalama zomwe banki inadula, mwina tsamba lina silinasikanidwe, kapenanso mwasemphanitsa manambala awiri polemba. Kusemphanitsako kuli ndi chizindikiro chake: kusiyana kwake kumagawika ndi 9, monga 350 ndi 530 zimene zimasiyana ndi 180.

Nanga chidindo chikaphimbanso ndalama zotsala pamzere womwewo? Tsikirani mzere wapansi n'kubwerera cham'mbuyo. Ngati pamenepo panatuluka 20,000.00 n'kutsala 324,750.00, phatikizani ziwirizi, mupeza 344,750.00 yomwe inabisika ija. Pa invoisi, chulukitsani kuchuluka kwa katundu ndi mtengo wa chimodzi, kenako muone ngati mizere yonse ikukwana chiwerengero cha pansi. Pa cheke, ndalama zimalembedwanso m'mawu.

Pali pamene njirazi zimathera. Chidindo chikaphimba ndalama zotuluka pa mizere iwiri yotsatizana pamodzi ndi zotsala za pakati pake, masamu angokuuzani zonse ziwiri pamodzi, osati iliyonse payokha. Nambala ya akaunti, ya cheke kapena deti nazonso sizipezeka pophatikiza kapena kuchotsera. Zikatere pemphani kope lina losadinda kwa amene anatulutsa chikalatacho. Ndipo nambala iliyonse imene mwaipeza ndi masamu, lembani pambali m'kaundula wanu kuti munachita kuwerengetsera, kuchokera pa mizere iti, kuti wodzayendera mabuku adzathe kubwereza yekha.