Kuchotsa tinkhope todzadza pa uthenga, mawu n'kulowa m'malo

"Ndalemba uthenga wothokoza amalume anga a ku Nchalo amene anatitumizira chimanga madzi atasefukira. Wadzadza ndi timitima, tinkhope tolira ndi zizindikiro za mfuwu. Ndiukonze bwanji osauziziritsa?"

Yambani n'kuwerenga uthengawo mokweza, osawerengera tizithunzito. Mwina mutsala ndi "Zikomo amalume" basi. Mpata umenewo ndiwo mudzaze.

Kenako tengani kachithunzi kalikonse, mudzifunse kuti kakunena chiyani. Kankhope kolira n'kovuta kwambiri: amalume angaganize kuti kwagwa zovuta, pomwe inu mumati mwakhudzidwa mtima. Lembani zenizenizo: "Thumba lija litafika, amayi anagwetsa misozi yachimwemwe." Timitima tisanu tija tisanduke zimene chimangacho chinachita: "Ana agona atadya nsima."

Mphamvu ya mfuwu ili kale m'Chichewa chathu. M'malo mwa zizindikiro zitatu, nenani kuti "tathokoza kwambiri zedi", kapena "dengu ladzadza tho". Chizindikiro chimodzi chokwanira, pamalo amodzi.

Pomaliza werenganinso mokweza, ngati mwagwada pakhonde pawo. Mawu amene simungawanene pamaso pa amalume, afufuteni.