Bafa ya fosifeti, madzi oteteza pH kuti isasinthe, ikakana kufika pa pH yowerengera

"Ndawerengera pH 7.2, NaH2PO4 ndi Na2HPO4 muyeso wofanana, 0.1 M, koma mita ikuti 6.8. Ndalakwitsa pati?"

Masamu anu ali bwino, achimwene. Chokupusitsani ndi pKa ya 7.2 ya m'buku, yomwe imagwira mchere ukakhala wochepa kwambiri m'madzi. Pa 0.1 M ma ayoni achuluka, akutchingirana, makamaka HPO4²⁻ wa chaji ziwiri uja, ndiye pKa yeniyeni imatsikira cha ku 6.8. Mita yanena zoona.

Poyamba konzani mita ndi mabafa ogula a pH 7 ndi 4. Kenaka pa lita imodzi yezani 0.05 mol ya mchere uliwonse: magalamu 7.10 a Na2HPO4 wopanda madzi, ndi 6.00 a NaH2PO4 wopandanso madzi. Werengani botolo kaye! Na2HPO4·12H2O amalemera 358 pa mol, osati 142, ndipo ambiri amagwera pamenepa.

Sungunulani m'madzi osungunula mankhwala, a disitilo, okwana 800 mL. Musathamangire kudzaza. Viikani elekitirodi, muzitakasa pang'onopang'ono, mukudonthetsa NaOH dontho limodzilimodzi mpaka mita ikhazikike pa 7.2. Mukatero thirani mu fulasiki, onjezerani madzi kufika pamzere wa lita, muyezenso, chifukwa fosifeti ikasukuluka pH imakwerako pang'ono.

Kuzizira kwa kuno ku Mzuzu kusakudetseni nkhawa pa fosifeti, siisuntha kwambiri. Tris, bafa ya mtundu wina, ndiye wovuta: mukamukonza m'mawa wa mu Juni chala chili gwa, masana kukafunda pH yake imatsika pafupifupi 0.03 pa digiri iliyonse. Mukonzereni pa kutentha komwe mukamugwiritsire ntchito.